Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigwedeza imabisala m'chigoba, koma ukakhala chete imatulutsa yokha tinyanga take. Wophunzira njinga ndi chimodzimodzi.

Mphwanga atabwera kudzakhala nafe ku Kaunda Square, ndinalakwitsa tsiku loyamba. Ndinamuyika pa msewu wa miyala, ndikugwira chiwongolero, uku ndikukalipa kuti apalase. Anagwa, nakana kukweranso.

Loweruka m'mawa tinapita pa bwalo la mpira lathyathyathya, kutali ndi maminibasi a mu Great East Road. Ndinatsitsa chishalo mpaka mapazi ake onse anaponda pansi, ndipo ndinachotsa mapedulo. Anayamba ndi kudzikankha ndi mapazi, kenaka kuwanyamula pang'ono njinga ikuyenda. Mabuleki anaphunzira asanayambe kupalasa: kufinya onse awiri pang'onopang'ono, chifukwa kukoka ya kutsogolo yokha mwamphamvu kumaponya munthu chamutu.

Atatha kuyenda mapazi ali m'mwamba ine n'kuwerenga mpaka khumi, ndinabwezera mapedulo. Ndinkamugwira kumsana, osati chiwongolero, pakuti wogwira chiwongolero amalanda wophunzira mpata womva m'mene njinga ikupendekera. Ndinkamuuza kuti, "Yang'ana pa golo paja, osati pa tayala." Njinga imapita kumene maso aloza.

Cholakwa china ndi kumusiya mobisa utalonjeza kuti wagwira. Akacheuka amagwa, ndipo sakukhulupiriranso. Muuzeni musanachotse dzanja.

Inu ophunzitsa abale anu, dekhani. Nkhonoyo idzatulutsa maso yokha.