Mtsutso: Kodi Chikangawa Idakhazikika Kapena Idangokhalitsa?

Malipoti a ntchito za chitukuko sakhala opanda mawu oti sasitenebo, omwe pa Chichewa timati chokhazikika. Koma mawuwa akafika pa nkhalango ya paini ya Chikangawa ku Mzimba, ya mahekitala pafupifupi 53,000, anthu amasiyana maganizo. Wolemba malipoti amati: "Akuluakulu, mitengo yambiri idabzalidwa kuyambira m'ma 1960, ndipo mpaka lero malole a matabwa akutsikabe mumsewu wa M1. Kukhazikika kwina n'kotani?" Akunena zoona kuti nkhalangoyi yakhalitsa, koma sadafunse chomwe chidaikhalitsa.

Mkulu wina wa zankhalango amamuyankha: "Ayi bambo, mitengo ija idabzalidwira fakitale ya mapepala ku Chintheche, yomwe sidamangidwe. Idakhalitsa chifukwa chosowa woidula." Ine ndili mbali ya mkuluyu, ndipo masamu akumuikira umboni. Paini amakhwima pakatha zaka pafupifupi 25. Tikagawa mahekitala 53,000 ndi zaka 25, tipeza 2,120. Amenewa ndiwo malire a zodula pa chaka, ndipo malo odulidwawo ayenera kubzalidwanso mvula ikangoyamba. Odula akamatenga mahekitala owirikiza pamenepa osabzala, matabwa adzatulukabe kwa zaka zoposa khumi, lipoti lililonse n'kumakoma, pomwe akudya mbewu. Chizindikiro chili m'misinkhu ya mitengo. Nkhalango yokhazikika imakhala ndi mbande, mitengo yofika m'chiuno, ina yoyenera mapolo ndi ina yocheka. Yongokhalitsa imakhala ndi mitengo yokalamba mbali ino, zitsa ndi udzu mbali inayo.

Wocheka matabwa amabwera ndi nkhani yake: "Mabwana, ine ndidabzala pomwe ndidacheka, koma moto wa mu Okutobala udapsereza zonse. Ndiye ana anga adye chiyani podikira zaka 25?" Sadayankhe funso la mawu, koma dandaulo lake ndi lolemera. Ngakhale lipoti la Brundtland la 1987, lomwe lidatchukitsa mawuwa, silidalamule kuti alero agone ndi njala posungira amawa, koma kuti onse apeze zosowa zawo. Dandauloli likuonetsanso kuti kubzala pakokha sikukwanira. Mbande zimafuna kupaliridwa, mitengo kusadzidwa nthambi ndi kupatuliridwa, njira zotchinga moto kulambulidwa udzu usadaume. Kodi ndalama za ntchito imeneyi zichoke kwa wocheka wamng'ono, kwa makampani obwereka malo, kapena ku boma lomwe limatolera ndalama za mitengo? Apa mtsutso udakalipo.

Komabe pa mawu enieniwo chigamulo n'chosavuta. Wolemba chokhazikika mu lipoti la Chikangawa akudziwa kuti mitengo idapsa akunamiza adzukulu. Aonetse mahekitala odulidwa, obzalidwa, opulumuka ku moto, ndi yemwe adzalipire olambula pulojekiti ikatha. Ngati alibe manambalawa, alembe kuti nkhalangoyi yangokhalitsa basi.