Mutu Ukaleka Kuwawa, Mapiritsi Musaleke

Choko chinagwa Lachiwiri m'mawa, ana a Sitandade 7 ali mkati molemba masamu pasukulu ina ku Makwasa. Aphunzitsi anawerama kuti atole, koma dzanja lamanja linakana kufumbata. Poyesa kulankhula, lilime linalemera ngati la munthu woledzera. Mtsikana wina wokhala kutsogolo ndiye anafuula: "Aphunzitsi, pakamwa panu papotoka!"

Miyezi inayi m'mbuyomo, bambowa anapezeka ndi bipi, nthenda ya kuthamanga kwa magazi. Makina anaonetsa 170 pa 105, pamene manambala akangofika 140 pa 90 achipatala amati bipi yakwera. Anawapatsa amulodipini, piritsi limodzi patsiku. Patatha miyezi iwiri manambala anatsika kufika 130 pa 80, mutu unaleka kuwawa, ndipo chitunda cha m'minda ya tiyi ankachikwera osapumira. Koma akakolo anayamba kutupa, nsapato n'kumathina. "Ndachira ine, ndivutikirenji?" Botolo analiponya m'kabati.

Apa mpamene ambiri timanamizika, abale anga. Mankhwala a bipi sachiza nthendayi. Ambiri mwa iwo amamasula mitsempha kuti magazi aziyenda mosapanikizika, ndipo amatero pokhapokha ali m'thupi. Amulodipini amatha pang'onopang'ono, kotero masiku oyamba mutasiya simumva kanthu, mumayesa munachiradi. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri magazi amayambiranso kukankha mitsempha ya mu ubongo, mu mtima ndi mu impso, kawirikawiri popanda ululu uliwonse. Manambala abwino aja anali umboni wakuti piritsi likugwira ntchito!

Lachiwiri lija, anzawo a aphunzitsiwo sanataye nthawi ndi kuwathira madzi kapena kudikira kuti aone. Anathamangira nawo kuchipatala cha Malamulo, komwe makina anawerenga 190 pa 115. Ola lisanathe dzanja linayambanso kugwira, mawu n'kubwerera. Adokotala sanawabisire: kanali kasitiroko kochenjeza, magazi anatsekeka kanthawi kochepa mu ubongo, ndipo sitiroko yopha ziwalo imatha kutsatira m'masiku ochepa. Atamva za akakolo aja anangoti, "Mukanabwera kudzatiuza, bambo. Tikanachepetsa mlingo kapena kukusinthirani mtundu wina."

Lero aphunzitsiwo aimanso pabolodi, choko chili m'dzanja lomwe lija. Botolo limakhala pafupi ndi kapu ya tiyi wam'mawa, ndipo mchere wowaza pandiwo anausiya.

Inu amene botolo lanu lachita fumbi m'kabati, dzukani! Musachite manyazi kuti achipatala akakukalipirani, ndipo musamwe mapiritsi awiri kuti mubweze masiku otayika. Tengani botololo ndi buku lanu lakuchipatala, mukayezetse bipi sabata ino, mukanene chilungamo tsiku limene munasiyira. Ndipo mukaona mnzanu pakamwa papotoka, dzanja lafooka kapena mawu akukokeka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zitaoneka ngati zatha zokha.