Safunsa Anadya Phula: Uphungu kwa Anamwino Achinyamata

Ana anga amene mukugwira ntchito m'zipatala za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu ku Machinjiri, ambiri a inu mukatumidwa ku msonkhano wa kafukufuku mumabwerako ndi kachikwama, cholembera ndi alawansi, basi nkhani yathera pomwepo. Ena olimba mtima mumathamangira wolankhula pakhomo, kumupempha nambala ya foni, usiku n'kumutumizira uthenga woti akuthandizeni kupita kunja. Akapanda kuyankha mumati azungu ndi mapulofesa ndi odzikonda. Ndikufuna ndikuuzeni za namwino mnzanu wina amene anayankhidwa, mpaka anakakhala miyezi ingapo pa yunivesite ina kunja akuphunzira kafukufuku. Dzina lake tilisiye. Chofunika n'chakuti mumve chimene chinali mu uthenga wakewo.

Muyambe mwadziwa kuti simukugwira ntchito kumalo achabechabe. Kuchokera mu 1998 kufika mu 2010, pa chipatala cha Gulupu ankapeza tizilombo ta tayifodi m'magazi a odwala pafupifupi 14 pa chaka. Mu 2014 anapeza 782, ndipo pafupifupi tizilombo tonseto tinali titasiya kumva ampisilini, kolomfeniko ndi bakitirimu. N'chifukwa chake mu 2018 bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linayamba kuyesa katemera watsopano wa tayifodi ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, pa ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti katemerayo anachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse, ndipo mu 2023 boma linamufikitsa m'dziko lonse. Amene anabaya jakisoni, kutenga magazi ndi kutsatira anawo m'makwalala anali anthu ngati inu nomwe. Akatswiri a kunja amadziwa dzina la Ndirande chifukwa cha ntchito imeneyi.

Namwino wathuyu ankagwira ntchito pa chipatala chaching'ono m'dera limodzi mwa awa, mbali ya ana. Pa msonkhano wina mu Blantyre momwemuno anamvera mayi wina wofufuza za matenda otentha thupi. Mayiyo anafotokoza za kupima tayifodi pokulitsa tizilombo: magazi amathiridwa m'kabotolo ka timadzi todyetsera tizilombo, kabotoloko n'kusungidwa pofunda kwa masiku angapo. Ananena kuti njirayi imaphonya odwala pafupifupi 4 mwa 10 alionse, makamaka ngati magazi otengedwa achepa kapena ngati wodwala anamwa kale mankhwala opha tizilombo asanafike kuchipatala. Kenako anaonetsa fomu imene amafunsira makolo. Funso lake linali lakuti: kodi mwanayu wamwa mankhwala opha tizilombo m'masiku apitawa?

Apa mtima wa namwino uja unagunda, chifukwa funso limeneli ankalidziwa bwino. Mayi wa kwathu kuno ukamufunsa choncho amati ayi. Nthawi zina amaopa kukalipiridwa, nthawi zina kwa iye mankhwala ndi okhawo olembedwa m'buku la kuchipatala. Koma ukamufunsa mofatsa kuti, "Amayi, thupi litayamba kutentha munamugulira chiyani pa golosale?" amamasula kansalu kapena kutsegula kachikwama, n'kutulutsa kapepala ka panado ndi makapisozi awiri atatu otsala. Nthawi zambiri amakhala amokisilini kapena bakitirimu. Mayi wofufuza uja anali ndi labotale ndi mabuku, koma za kansalu aka sankazidziwa.

Namwinoyu sanathamangire kukamupanikiza pakhomo pamene aliyense ankafuna kujambulitsa naye. Anangokopera adiresi ya imelo imene inali pa chithunzi chomaliza, ndipo analemba mawa lake, nkhani ikadali yofunda m'mutu mwa wolankhulayo. Pamutu pa imelo anaika dzina la msonkhano ndi nkhani ya funso lija, kuti munthu wolandira makalata ambirimbiri adziwe asanatsegule kuti iyi si ya malonda. M'kati munali ziganizo zochepa. Anadzitchula dzina, ntchito ndi dera. Anatchula mfundo yeniyeni imene anaimva. Anafotokoza zimene amaona akasintha kafunsidwe. Ndipo anamaliza ndi pempho laling'ono: ngati pali zimene ena analemba kale pa nkhaniyi amutumizireko awerenge, komanso ngati pali wofufuza wina ku Blantyre amene angakambirane naye.

Taonani zimene sanalembe. Sanatchule za malipiro ochepa, ngakhale anali ochepadi. Sanapemphe sukulu, tikiti kapena ntchito. Sanadzaze tsamba ndi matamando. Munthu amene simunadyepo naye sungamusenzetse moyo wako wonse tsiku loyamba; akaona kuti pempho ndi lolemera, amangokhala chete chifukwa alibe poyambira. Koma pempho loti atumize pepala limodzi amalikwanitsa asanamalize kumwa tiyi. Chachiwiri, namwinoyu anabwera ndi kanthu m'manja. Wofufuza aliyense amaopa kuti mwina fomu yake ikutola mayankho olakwika, ndipo amene wamusonyeza pamene pakudontha samuiwala.

Chinanso chimene sanachite, ndipo pamenepa mumvetsetse, sanajambule kaundula wa odwala kapena buku la mwana n'kutumiza monga umboni. Kuchita zimenezo kungakufikitseni pamaso pa khonsolo ya anamwino ndi azamba, ndipo wofufuza wanzeru akaona zotero amakuthawani. Zimene waona pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ungathe kuzifotokoza popanda dzina la munthu. Koma ukafuna kuyamba kuwerengetsa ndi kulemba mayankho a odwala kuti akhale kafukufuku, pafunika chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, kaya COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena komiti ya ku Unduna wa Zaumoyo, komanso chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo a boma la Blantyre.

Yankho silinabwere msanga. Patapita milungu iwiri analembanso kachiganizo kamodzi kokumbutsa, pansi pa imelo yoyamba ija kuti zonse zikhale pamodzi. Kukumbutsa kamodzi ndi ulemu; kupitirira apo ndi kuvutitsa. Ulendo uno mayi uja anayankha, natumiza zowerenga ndi dzina la mnzake wa kuno. Mwa zowerengazo namwino anapeza kuti funso lake ena analiganizirapo kale: mu 2019 ofufuza a ku Malawi, Uganda ndi Zimbabwe analemba za njira yoyenda m'makomo ndi thumba la mankhwala osiyanasiyana, kuti anthu aziloza amene amawadziwa ndi amene amamwa, m'malo mofunsidwa mayina. Wina akanagwa mphwayi kuti basi andiyambirira. Iye anaona kuti zimene amaona zili ndi maziko, ndipo analemba yankho lonena mmene njirayo ingasinthidwire kuti ikwane m'kachipinda kopimira, pamene pamzere pali amayi ambiri ndipo mphindi ndi zochepa.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Uthenga woyamba umangopangitsa kuti akudziwe. Chimene chimakunyamula ndi zimene umachita akakuyankha. Akakutumizira pepala, werenga mpaka kumapeto, ubweze ndi funso losonyeza kuti wawerengadi. Ukalonjeza Lachisanu, likhale Lachisanu. Namwinoyu anachita pa foni maphunziro aulere a kayendetsedwe kabwino ka kafukufuku wa pa anthu, amene amapezeka pa tsamba la The Global Health Network, n'kutenga satifiketi. Anathandiza wofufuza wa kuno uja kukonza mafunso m'Chichewa chimene amayi amayankhula, ntchito yopanda malipiro, akaweruka. Patapita nthawi yoposa chaka, gulu la mayi uja litapeza ndalama zoitanira munthu mmodzi wa ku Malawi kukaphunzira kusanthula zotsatira, panalibe chifukwa chosakira kutali. Ankamudziwa ndi ntchito zake.

Walira mvula walira matope, ana anga. Kuitanidwa kumabwera ndi mapepala, ndipo muwadziwiretu. Pafunika kalata yochokera ku yunivesiteyo, yolembedwa pa pepala lake, yonena masiku, amene adzakuyang'anireni, zimene mukachite, ndi amene alipire ndege, pogona, chakudya ndi inshuwalansi. Chimene sichinalembedwe muchitenge kuti palibe. Pafunika kalata ya tchuthi cha maphunziro kuchokera kwa olemba ntchito anu. Musachoke ndi chilolezo cha pakamwa, mungadzapeze dzina lanu litafufutidwa. Kalembera wanu ku khonsolo akhale wolipiridwa. Pasipoti muyambe kuifuna kalata isanafike, chifukwa viza singapemphedwe popanda iyo, ndipo wopita ku Britain kwa miyezi yoposa 6 amayenera kupimitsa kaye chifuwa chachikulu. Dziwaninso kuti laisensi yanu ya kuno siikulolani kugwira wodwala kunja. Mukapita monga wophunzira kafukufuku, ntchito yanu ndi kuona, kuwerenga ndi kusanthula. Namwino wathuyu miyezi yonseyo sanabaye jakisoni ngakhale mmodzi, koma anabwera akudziwa kukonza mafunso, kusunga zotsatira pa kompyuta ndi kulemba lipoti.

Muchenjerenso ndi maitanidwe abodza. Yunivesite yeniyeni siikupemphani kuti mutumize ndalama pa foni kwa munthu wina kuti dzina lanu lilowe. Ngati kalata yachokera ku adiresi ya wamba osati ya sukuluyo, ngati akukufulumizitsani kuti mulipire lero lomwe, ngati simukumupeza munthuyo pa tsamba la yunivesite imene akuitchula, imani kaye mukafunse kwa aphunzitsi anu akale. Alongo athu amene anakavutikira ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino anapitanso ndi mapepala ooneka bwino.

Ndipo mukapita, mubwere. Pulofesa Address Malata anayamba ngati namwino, anakaphunzira mpaka digiri ya udokotala ku Edith Cowan University ku Australia, anabwera kudzatsogolera Kamuzu College of Nursing, kenako yunivesite ya MUST ku Thyolo. Akanakhalira komweko, atsikana angati a kuno akanaphunzira m'manja mwawo? Funso limene linakutengerani kunja linabadwira pa benchi ya chipatala cha kwanu, ndipo yankho lake likufunika komweko.

Tsono msonkhano ukubwerawu, kaya wa ku KUHeS kaya wina uliwonse, musakhale kumbuyo mukusewera ndi foni. Musanapite, lembani chinthu chimodzi chimene mumachiona pa ntchito chimene sichigwirizana ndi zimene munaphunzitsidwa. Mukamva wolankhula wakhudza pamenepo, koperani adiresi yake, ndipo mumulembere sabata isanathe: ndinu ndani, munamva chiyani, mumaona chiyani, ndipo mukupempha kanthu kakang'ono kati. Za ndege musazitchule ayi.