Agogo, Dinani Mulankhule Nokha!

Anthu ambiri achikulire akafuna kulankhula ndi mwana kapena mdzukulu amene ali kunja amaitana kamwana ka pakhomo n'kunena kuti, "Tandilembera." Kamwanako kamalemba zimene kamva, zina kamadula, zina kamachita nazo manyazi. Mawu ochuluka a agogo amakafika ku Joni atasanduka mzere umodzi wakuti "tili bwino kuno." Zimenezi zitha kutha lero. Kuyambira mu 2013, WhatsApp ili ndi njira yotumizira mawu apakamwa, ndipo njirayo sifuna sukulu, sifuna Chipwitikizi, sifunanso maso akuthwa. Ifuna chala chimodzi ndi pakamwa panu. Imvani mmene agogo ena a ku Canongola, mu mzinda wa Tete, anaigonjetsera.

Agogowa kwawo ndi ku Angonia, ndipo amakhala kwa mwana wawo wamkazi. Mdzukulu wawo wamwamuna, yemwe anamulera okha, amagwira ntchito ku Johannesburg. Iyeyo ndiye anawatumizira foni yotsetsereka ija yopanda mabatani. Akawaimbira, mawu ankaduladula, ndiponso nthawi imene iye waweruka usiku agogo amakhala atagona. Choncho anawauza kuti, "Agogo, muzingojambula mawu, ndizimva ndikapeza mpata."

Mphunzitsi anali mdzukulu wina, mtsikana wa sukulu. Anakhala pamphasa madzulo, dzuwa la Tete litayamba kufatsa. Mtsikanayo anatsegula pamene pali chithunzi cha mchimwene wake n'kuloza kabatani kobiriwira ka maikolofoni, pansi kudzanja lamanja.

"Agogo, ikani chala apa, mukanikize, musachotse mpaka mutamaliza kulankhula."

Agogo anagogoda kamodzi n'kuchotsa chala, kenako anayamba moni wautali. Palibe chinajambulika, chifukwa foniyo inkajambula pokhapokha chala chili pompo. Anayesanso. Ulendo uno anakanikiza bwino, koma nkhani itakoma dzanja linayamba kuyenda, chala chinaterereka kumanzere, mawu onse n'kufufutika. Kukokera chala kumanzere ndi njira youzira foni kuti zimene wajambulazo uzitaye.

"Iwe, tenga chinthu chakochi. Ine zala zanga n'za khasu."

"Ayi agogo, sinditenga. Vuto si zala zanu. Taonani manambala awa."

Apa mtsikanayo anawaonetsa chinthu chimene chinasintha zonse. Foni ikamajambula, pambali pamaoneka manambala akuwerenga masekondi: 0:01, 0:02, 0:03. Manambala akamayenda ndiye kuti foni ikumva. Akapanda kuoneka, mukulankhula nokha. Agogo sankadziwa kuwerenga mawu, koma manambala ankawadziwa bwino chifukwa cha zaka zambiri zowerenga ndalama pamsika. Kenako anawaphunzitsa kukhoma: mukakanikiza kabatani, kokerani chala m'mwamba mpaka pa kachithunzi ka loko. Mukatero mutha kuchotsa chala, foni imapitiriza kujambula yokha. Mukamaliza mumadina kamuvi kotumizira, ndipo ngati mwalakwitsa mumadina kabini kotayira. Kwa munthu amene manja amanjenjemera, kapena amene salankhula popanda kuponya manja, njira yokhomayi ndiyo yoyenera kuyambira.

Agogo anakhoma, anaona manambala akuyenda, anatsokomola pang'ono n'kuyamba: "Amuna anga a ku Joni, mwandiiwala kodi? Ndine mkazi wanu wa ku Canongola." Umu ndi mmene ankamuseleulira kuyambira ali wakhanda. Anamuuza za kutentha, za bondo lawo, za maliro a kumudzi, za mbuzi imene yaswa. Anamaliza ndi kumulangiza kuti asamayende usiku. Anadina kamuvi okha.

Koma yankho silinabwere, ndipo mtima wa agogo unayamba kuwawa. Mtsikana uja anayang'ana pansi pa uthengawo n'kupeza kawotchi kakang'ono. Kawotchi kamatanthauza kuti uthenga sunachoke m'foni mwanu: mamega atha, kapena netiweki palibe. Anagula mamega, kawotchi kanasanduka katiki kamodzi kotuwa. Katiki kamodzi ndiye kuti uthenga wachoka koma sunalowe m'foni ya mwini wake, mwina yazima kapena ilibe intaneti. Timatiki tiwiri ndiye kuti wafika. Kamaikolofoni ka pa uthengawo kakasanduka kabuluu, ndiye kuti wamvetsera. Agogo, gwirani zimenezi, chifukwa zimachotsa nkhawa zopanda pake. Katiki kamodzi si mwano wa mdzukulu. Nthawi zambiri ndi batire chabe.

Usiku foni inalira. Agogo anadina kachizindikiro ka makona atatu, mawu a mdzukulu anamveka pabwalo ponse, akuseka ndi kulira pamodzi. Mtsikana anawanong'oneza kuti akadina n'kuika foni kukhutu, mawu amatsika n'kumamveka kwa iwo okha. Kuyambira tsiku limenelo nkhani za agogo ndi mdzukulu wawo sizinadutsenso m'manja mwa munthu wina.

Tsono inu agogo a ku Canongola, a ku Matundo kutsidya kwa Zambezi, a ku Moatize, a ku Ulongwe, mukudikira chiyani? Mwina mukuopa kuwononga ndalama. Mawu a mphindi imodzi sadya ngakhale mega imodzi. Chimene chimamaliza mamega ndi mavidiyo. Mwina mukuopa kuti mulankhula zolakwika. Mukakhoma mutha kuimitsa, kumvetsera kaye, kenako n'kutumiza kapena kutaya. Mwina mukuti chilankhulo chanu foni sichidziwa. Foni simasulira kanthu, imangonyamula. Chichewa, Chinyungwe, Chisena, chilichonse chimakafika monga mwachinenera, ndi kuseka kwanu komwe. Gwirani foni pafupi ndi pakamwa, musatseke ndi dzanja kabowo ka pansi kamene mawu amalowera, fulatirani mphepo, zimitsani wailesi, ndipo lankhulani monga mulankhulira ndi munthu amene wakhala pambali panu.

Machenjezo ndi awiri, ndipo ndi aakulu. Nambala yachilendo ikakutumizirani uthenga wakuti "Agogo, ndasintha nambala, ndili pamavuto, tumizani ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola," musathamange. Imbani pa nambala yakale ya mdzukulu wanu, mumufunse chinthu chimene mukuchidziwa awiri nokha. Ndipo manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa foni yanu musauze munthu aliyense, pakamwa kapena pa uthenga, chifukwa amene wawapeza amalanda WhatsApp yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Nanunso achinyamata amene mukukhala ndi agogo, ntchito yanu ndi yooneka. Muuzeni mdzukulu wa kunjayo aike chithunzi cha nkhope yake pa WhatsApp yake kuti agogo azimuzindikira osawerenga. Khomererani macheza ake pamwamba kuti asamasowe pakati pa magulu. Onetsetsani kuti nambala ya ku Joni yayamba ndi +27, ndipo iye asunge yanu ndi +258. Phunzitsani chinthu chimodzi pa tsiku: lero kujambula, mawa kumvetsera, mkuja timatiki. Poyeserera azitumiza kwa inu muli pomwepo, kuti amve okha kuti mawu awo afika. Koposa zonse, manja anu akhale kumbuyo. Mukalanda foni n'kunena kuti "bweretsani ndikupangireni," mwawabwezera pomwe anayambira.

Ndipo iwe uli kunjawe, agogo akatumiza mawu, yankha ndi mawu, usalembe. Tchula zimene anena kuti adziwe kuti wamva zonse, funsa za bondo lija, funsa dzina la agogo awo ndi mudzi umene anachokera. Adzakuyankha motalika, ndipo mayankho amenewo uwasunge. Agogo, itanani mdzukulu amene ali pafupi madzulo ano, foni ikhale m'manja mwanu, mukanikize, mukokere m'mwamba, muone manambala akuyenda, mulankhule!