Kaundula Wopanda Zolakwa Amandiopsa

Mkulu wa nchito akamadzitama kuti anthu ake salakwitsa, ine mtima umandigunda. Anthu ogwira nchito ndi manja ndi mutu amalakwitsa, kulikonse. Ngati m'kaundula mulibe colakwa ngakhale cimodzi, ndiye kuti zolakwazo zilipo, koma zikukwiriridwa.

Mayi wina wofufuza wa ku Harvard, Amy Edmondson, anakumana ndi zimenezi m'zipatala ziwiri za ku Amereka, ndipo anazilemba mu 1996. Ankayang'ana magulu 8 a anamwino, n'kumawerenga zolakwa pa kaperekedwe ka mankhwala. Iye ankayembekeza kuti magulu ogwirizana bwino, okhala ndi mtsogoleri wabwino, apezeka ndi zolakwa zocepa. Manambala anatuluka mozondoka: magulu abwinowo ndi amene anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Pofuna kumvetsa, anatumiza munthu wina amene sankadziwa zotsatirazo kuti akakhale m'mawodi ndi kuona mmene anthu amayankhulirana. Anapeza kuti kwina anamwino ankakamba zolakwa zawo momasuka, pamene kwina ankaopa mkulu wawo ndipo ankangokhala cete. Kaundulayo ankaonetsa kumasuka kwa pakamwa kuposa kuculuka kwa zolakwa. Mu 1999 mayiyu analemba zambiri za mkhalidwe umenewu, woti munthu pa gulu amakhulupirira kuti akafunsa, akatsutsa kapena akavomera kulakwa, sanyozedwa kapena kulangidwa.

Tiyerekeze kuti namwino wa usiku wapatsa wodwala mankhwala amene mnzake wa masana anapereka kale, cifukwa pa khadi sipanalembedwe. Wazindikira patapita mphindi 20. Madzi akatayika saoleka, komabe wodwalayo angathe kuthandizidwa ngati dokotala adziwa msanga. Namwinoyu akuwerengera mumtima: ndikanena, cindicitikire n'ciyani? Yankho analipeza kalekale, tsiku limene anaona mnzake akuvomera colakwa pamaso pa mkulu yemweyo. Ngati mnzakeyo anakalipiridwa pa gulu, lero akhala cete n'kumapemphera kuti kuce bwino.

N'cifukwa cake ndimaona kuti mau oyamba a mtsogoleri ndi olemera kuposa malamulo onse opacikidwa pa khoma. Akayamba ndi "Wacita ndani?", aliyense amayamba kudziteteza ndipo nkhani imafupika. Akayamba ndi "Wodwala ali bwanji? Mwacita bwino kundiuza msanga," amapeza nthawi yopulumutsa munthu. Mawa lake angathe kukhala pansi ndi onse awiri n'kufunsa mmene zinayendera: khadi linali kuti, anasiyirana nchito nthawi yanji, wa masanayo anali ndi odwala angati. Kawirikawiri pamapezeka kuti dzenje limene wagweramo mmodzi likudikira aliyense. Zimathandizanso mkuluyo akamachula zolakwa zake iye mwini, ndi kunena poyera kuti sangaone zonse. Kungolengeza kuti "citseko canga n'cotsegula" sikukwanira, pakuti kwathu kuno wamng'ono sayamba dala kuuza wamkulu nkhani yoipa, ndipo amaciyesa ulemu. Wamkuluyo ndiye ayenera kupita kukafunsa, funso lolunjika: "Sabata ino n'ciyani cinatsala pang'ono kulakwika?"

Funso lovuta ndi lakuti, kodi ici n'cilungamo kwa wodwalayo? M'bale wake anganene kuti mwakhululukira munthu amene akanapha mayi anga. Sindikuona dandaulo limeneli ngati lopepuka. Koma ndikasinkhasinkha, cilango ca namwino amene waulula yekha sicibwezera kanthu kwa wodwala wa lero, ndipo cimalanda citetezo kwa wodwala wa mawa, cifukwa onse oonerera aphunzira kubisa. Cimene banjalo liyenera kulandira ndi coonadi, kupepesa, ndi umboni woti dzenje lija lakwiriridwa. Zitatu zonsezi zimafuna kuti wina ayankhule.

Malire alipo. Kuphonya pamene munthu akuyesetsa n'kosiyana ndi kubwera ku nchito ataledzera, kulumpha dala njira yodziwika yotetezera odwala, kapena kusintha zolembedwa pa khadi kuti cibisike. Izi zimafuna cilango, ndipo anchito anzake amakhumudwa mkulu akazilekerera. Cofunika n'cakuti malirewo adziwike zinthu zisanalakwike, ndipo akhale amodzi kwa dokotala ndi kwa wosesa. Anthu akaona kuti cilango cimadalira udindo wa wolakwayo, kapena mmene bwana wadzukira, amabwerera ku kukhala cete.

Mtsogoleri amene wayamba njira imeneyi ayembekezere cinthu cowawa: miyezi yoyamba manambala a zolakwa adzakwera, ndipo akuluakulu ake angamuone ngati walephera. Poyang'ana m'kaundulamo, aone mtundu wa zimene zikubwera. Ngati zambiri ndi zazing'ono, zogwidwa zisanavulaze munthu, ndiponso zonenedwa ndi eni ake tsiku lomwelo, mantha akucepa. Ngati amangomva zazikulu zokha, mocedwa, kucokera kwa abale a odwala, anamwino ake akumuopabe.