Fodya wa pachala

Akale adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ankanena za fodya wofwenkha, yemwe munthu umatsina bwinobwino m'kabotolo, koma mphepo n'kumuuluza asanafike pamphuno. Mwambiwu umandibwerera ndikamva munthu pa tsiku losesa akunena molimba mtima kuti, "Malemu adandiuza okha ali gone kuti chigayo n'changa."

Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Ndirande ali ndi nyumba, chigayo, mkazi ndi ana atatu. Matenda atakula, akuitana mkazi wake ndi mkulu wa mpingo. Mwana wa mlongo wake, mnyamata wa zaka 30 yemwe wakhala akuyendetsa chigayocho pa malipiro, alinso pomwepo. Bambo uja akuti nyumba ikhale ya mwana wake wamkazi, chitsirizira, yemwe adakali ku pulaimale, ndipo chigayo atenge mwana wa mlongo wakeyo. Onse akuvomera, misozi ili m'maso. Palibe wagwira cholembera, poti kutulutsa pepala pa nthawi yotere kumaoneka ngati kufulumiza imfa.

Kwathu mawu a munthu amene akutsirizika timawaopa, ena mpaka amati ukawalumpha mzimu wake sugona. Koma lamulo la chuma cha masiye la Malawi la chaka cha 2011 limati wilo ikhale yolembedwa. Mwini wake asayine, kapena adinde chala, pamaso pa mboni zosachepera ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisayine iye akuona. Popanda izi, bambo wa ku Ndirande uja wamwalira opanda wilo, ngakhale mpingo wonse ukadamumva.

Ambiri amathera pomwepa n'kumati mawu apakamwa alibe ntchito. Akulakwitsa. Gawo 17 la lamuloli, lomwe limalongosola kagawidwe ka chuma cha munthu wosasiya wilo, limati poyeza gawo la mkazi kapena mwamuna wotsala ndi la ana, khoti liganizire zofuna zimene malemu adanena pamaso pa mboni zodalirika. Choncho mawu okhudza nyumba aja ali ndi polowera. Mtsikanayo ndi mwana wa malemu, ndiponso lamulo lomwelo limati mwana wamng'ono amayenera gawo lokulirapo kuposa akuluakulu. Mkulu wa mpingo akakaima kukhoti n'kufotokoza zimene adamva, woweruza adzaika mawuwo pa sikelo pamodzi ndi zina, monga thukuta limene mayi adakhetsa pomanga nyumbayo ndi sukulu imene ana akuluwo adalipiriridwa kale. Sikuti khoti limangidwa nawo mawuwo ayi. Likhoza kuwatsata, likhozanso kuwachepetsa mphamvu ngati kuwatsata kungasiye mayi ndi ana ena pa mavuto.

Mwana wa mlongo uja ndiye watsala ndi fodya pachala. Mawu a malemu amathandiza kuyeza magawo pakati pa mkazi ndi ana, koma sabweretsa munthu wina pa mndandanda wa olandira. Iye si mwana wa malemu, komanso si mwana wamng'ono amene malemu ankamulipirira sukulu kuti awerengedwe ngati wodalira malemu. Mwambo wa chikamwini, woti chuma cha atsibweni chimapita kwa ana a mlongo wawo, lamulo la 2011 lidauchotsa pa nkhani ya chuma cha masiye. Mnyamatayo akangonyamula makiyi a chigayo mwa mphamvu, wapalamula mlandu wolanda chuma cha masiye, womwe chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende.

Ena aziona ngati nkhanza, ndipo mnyamatayo ndikumumvera chisoni, pakuti mwina sakunama. Komabe ine ndili mbali ya lamulo. Munthu wodwala kwambiri, mankhwala ali m'thupi, amatha kuvomera chilichonse chimene wom'dwazika wamunong'oneza. Ndipo taonani amene amakumbukira bwino mawu otsiriza: nthawi zambiri ndi yemwe mawuwo akum'komera. N'chifukwa chake khoti limafunsa ngati wodwalayo ankazindikira, ngati mbonizo zikunena chimodzimodzi, ndiponso ngati mboniyo ilibe chake pa chumacho. Pa atatu aja, mkulu wa mpingo yekha ndiye alibe chopindula.

Bambo uja akadafuna, pepala la m'kope likadakwana, popanda loya, mboni zake kukhala mkulu wa mpingo ndi munthu wina wosalandira kanthu. Kapena akadapereka chigayocho adakali moyo, n'kusintha dzina pa mapepala ake, chikadakhala kuti sichili m'gulu la chuma cha masiye. Poti sizidatero, mnyamatayo ayembekezere mtima wa mayi ndi ana akuluwo. Iwo akhoza kum'patsa kuchokera pa magawo awo ngati afuna kulemekeza mawu a bambo awo, koma gawo la chitsirizira uja sangalikhudze.