Nzimbe zikagona m'munda, waluza ndani?

Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, inayamba kugaya nzimbe mu 1979, ndipo kuyambira masiku amenewo pakhala alimi ang'onoang'ono amene amalima nzimbe n'kumagulitsa kumeneko. Poyamba ankayang'aniridwa ndi bungwe la boma la Smallholder Sugar Authority, kenaka kunabwera Dwangwa Cane Growers Trust ndi magulu ena a alimi. Fakitale nayo inasintha eni mu 1997, pamene Illovo inagula gawo la shuga la Lonrho. Pa kusintha konseku chinthu chimodzi chatsala momwemo. Mlimi wa nzimbe ali ndi wogula mmodzi yekha, pakuti matani mazana a nzimbe sungawayale pamsika wa Dwangwa ngati usipa kuti odutsa azigula. Choncho pepala la mgwirizano ndilo msika wake wonse, ndipo ngati salimvetsa ndiye kuti akugulitsa osadziwa malamulo a malonda akewo.

Anthu ambiri amavomereza kuti mlimi ayenera kupatsidwa chidule cha mgwirizano m'Chichewa. Pamene ndimasiyana nawo ndi pa kalembedwe ka chidulecho. Kawirikawiri munthu amatenga kontirakiti ya masamba ambiri n'kumafupikitsa ndime ndi ndime, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Chotuluka chimakhala chachifupi ndithu, koma chimatsata dongosolo la loya amene analemba, pomwe mlimi ntchito yake imatsata nzimbe. Ine ndikuti chidule chizitsata ulendo wa nzimbe, kuchokera tsiku lothira feteleza kufika tsiku limene ndalama yalowa ku banki, ndipo pa sitepe iliyonse chiziyankha mafunso anayi: agwira ntchitoyi ndani, pofika liti, alipira ndani, ndipo ikalephereka waluza ndani.

Funso lomalizali ndilo limasowa m'zidule zambiri, chonsecho ndi pamene pagona ndalama.

Tisanafike pamenepo, tione kaye kuti mbali zilipo zingati. Timakonda kunena za wogulitsa ndi wogula ngati kuti alipo awiri basi. Pa nzimbe za alimi ang'onoang'ono nthawi zambiri pamakhala atatu: mlimi, bungwe kapena kampani imene imayendetsa ntchito m'malo mwa alimi, ndi fakitale. Mgwirizano wopereka nzimbe ukhoza kukhala pakati pa bungwe ndi fakitale, mlimi n'kukhala ndi pepala lina pakati pa iye ndi bungwelo, mwinanso lachitatu la ngongole ya zipangizo. Chidule chimene chili ndi mizati iwiri, wa «ife» ndi wa «iwo», chimabisa zimenezi. Mlimi akamva kuti «wopereka nzimbe adzafikitsa nzimbe pa sikelo», sadziwa ngati wopereka nzimbeyo ndi iyeyo kapena bungwe. Mizati ikhale itatu, ndipo pamwamba penipeni palembedwe kuti pepala liti anasainirana ndani ndi ndani. Ngati mlimi sanasaine ndi fakitale, adziwiretu kuti dandaulo lake liyenera kudzera ku bungwe.

Tsopano titenge kachigawo kamodzi ka ulendowu, masiku ochepa a pakati pa kuwotcha ndi sikelo. Nzimbe zimakhala m'munda pafupifupi chaka chathunthu. Zikakhwima, munda umawotchedwa kuti masamba apse, anyamata a zikwanje amalowa n'kudula, kenaka mathirakitala kapena malole amanyamula kupita kufakitale. Kuyambira pamene moto wazima, shuga wa m'kati mwa nzimbe amayamba kuwonongeka. Tizilombo tosaoneka ndi maso timalowa m'malo odulidwa ndi m'ming'alu imene moto wasiya, madzi a nzimbe amayamba kusasa, nzimbe imafota n'kupepuka. Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumafulumizitsa zonsezi. Amene wagwirapo nzimbe yogona masiku angapo amaidziwa: poduka pamada kapena kufiira, ndipo imanunkha ngati thobwa losasa. N'chifukwa chake mafakitale amafuna kuti nzimbe zifike pasanathe masiku awiri kapena atatu chiwotchereni.

Kuchedwa kumeneku kumamupweteka mlimi chifukwa salipidwa potengera kulemera kwa nzimbe kokha. Pa sikelo amayeza matani, kenaka amatapako nzimbe pang'ono n'kukaziyeza kuti aone shuga amene angatulukemo. Pa sitetimenti chiwerengero chimenechi chimalembedwa ndi zilembo za ERS. Ndalama ya mlimi imachokera pa kuchulukitsa matani a nzimbe ndi chiwerengero chimenecho, kenaka ndi mtengo wa tani ya shuga umene walengezedwa.

Tiyerekeze, ndipo manambalawa ndi ongopangira chitsanzo, kuti mayi wina ali ndi mahekitala 2 othirira ndipo wakolola matani 200. Nzimbe zikafika msanga ndipo muyezo n'kupeza 12 pa 100 aliwonse, ndiye kuti wapereka matani 24 a shuga. Tiike mtengo wa K600,000 pa tani, zikwana K14,400,000. Tinene kuti zomudula zonse, feteleza, kuthirira, odula nzimbe ndi mayendedwe, zakwana K9,000,000. Atsala ndi K5,400,000. Koma tiyerekeze kuti lole inawonongeka, nzimbe zagona m'munda masiku asanu, muyezo watsika kufika pa 11. Matani a shuga akhala 22, ndalama K13,200,000. Feteleza sanatsike mtengo chifukwa lole yafa, odula nzimbe analipidwa kale, choncho K9,000,000 ija idulidwa ndithu. Mayiyu apita kwawo ndi K4,200,000. Nambala imodzi yokha yatsika pa sitetimenti, koma m'thumba mwake mwachoka ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo asanu, tisanawerengere n'komwe kupepuka kwa nzimbezo.

Onani tsono mmene zidule ziwiri zingafotokozere malo amenewa. Chidule chotsata ndime chinganene kuti: bungwe lidzakonza zonyamula nzimbe. Zoona, ndipo mlimi akamva amapuma, poganiza kuti mtolo umenewu si wake. Chidule chotsata nzimbe chinganene kuti: wonyamula ndi bungwe, nthawi yake ndi maola akutiakuti chiwotchereni, wolipira ndi mlimi, pomudula pa tani iliyonse, zikachedwa shuga n'kutsika, woluza ndi mlimi, pokhapokha ngati ndime yakutiyakuti ikunena kuti bungwe kapena mwini lole abweze. Ntchito ili m'manja mwa wina, ndalama ikutuluka kwa wina, ndipo chiopsezo chikhoza kugwera munthu amene alibe ngakhale nambala ya foni ya dalaivala. Mlimi akaona zimenezi zitalembedwa pa mzere umodzi, amadziwa chokapempha pa msonkhano wa alimi nyengo isanayambe.

Nanga ngati mgwirizano sunanene chilichonse pa za kuchedwa? Apa wolemba chidule amayesedwa. Mtima umafuna kudzaza mpatawo ndi zimene zimachitika masiku onse, kapena zimene mlangizi ananena pakamwa pansi pa mtengo. Ayi, alembe poyera kuti «mgwirizano sunanenepo». Mzere wotere ndi umodzi mwa mizere yamtengo wapatali m'chidule chonse, chifukwa ukuonetsa pamene mkangano udzabukire. Chimodzimodzi pa moto wolowa m'munda usiku nzimbe zisanafike tsiku lake, kaya wochokera kwa osaka mbewa kaya kwa munthu wanjiru: kodi fakitale idzalandira nzimbezo, pa mtengo wanji, ndipo chilango chilipo? Chimodzimodzinso fakitale ikaima chifukwa makina awonongeka, kapena mvula ikayamba msewu wa kumunda n'kusanduka matope nyengo yogaya n'kutha nzimbe zili chiimire. Ngati pepala layankha, lembani yankholo. Ngati lili chete, nenani kuti lili chete.

Pali chinanso chimene wofupikitsa amachiwononga mosadziwa. M'mapangano muli malonjezo olimba ndi ofewa. Pena pamalembedwa kuti wogula adzachita chakuti, pena kuti akhoza kuchita, pena kuti adzayesetsa. Pofuna kuti chiganizo chimveke bwino, wofupikitsa amangolemba zonse kuti «adzachita». Mlimi ndiye amadalira feteleza amene bungwe linangolonjeza kuyesetsa kupeza, miyezi yothira n'kudutsa. Kawirikawiri udzapeza kuti maudindo a wamng'ono alembedwa molimba, ndi masiku ndi chilango chake, pomwe a wamkulu alembedwa mofewa. Chidule chachilungamo chisasalaze kusiyana kumeneku, ngakhale kutakhala kowawa kuwerenga.

Pa malipiro sindichulukitsa mawu. Mlimi adziwe ngati mtengo wolengezedwa poyamba ndi womaliza kapena wongoyembekezera, ngati pali gawo losungidwa lodzaperekedwa nyengo ikatha, ndi mndandanda wa zomudula, chilichonse ndi muyezo wake: ichi pa tani, ichi pa hekitala, ichi pa 100 aliwonse a ndalama yonse. Chodula cha mtundu womalizawu chimatengedwa zina zisanachotsedwe kapena zitachotsedwa? Mayankho awiriwa amapereka ndalama zosiyana kwambiri, ndipo chidule chisankhe mawu osalola kukayika.

Ndikudziwa chimene ena anganene motsutsa, ndipo si chopanda nzeru. Chidule si mgwirizano. Pa bwalo la milandu chimene chimawerengedwa ndi pepala losainidwa lija, ndipo mlimi wodalira tsamba limodzi la Chichewa akhoza kudzidzimuka atamva kuti ndime ina imene inasiyidwa ndiyo yamugwetsa. Zimenezi n'zoona, koma yankho lake si kumusiya ndi mpukutu wa Chingerezi umene sadzautsegula. Mzere uliwonse wa chidule ukhale ndi nambala ya ndime imene wachokera, kuti mwana wake wa ku sekondale kapena mlembi wa kalabu athe kutsegula n'kutsimikiza. Pamwamba palembedwe nyengo imene chidulecho chikugwira ntchito, pakuti mitengo ya mayendedwe ndi ya feteleza imasintha pomwe nzimbe zimaphukanso pa chitsa chomwecho zaka zingapo. Ndipo chidule chisalembedwe ndi mbali imodzi yokha. Wogula akalemba yekha, mwachibadwa adzatsindika zimene akufuna kwa mlimi. Alimi akalemba okha, akhoza kulembamo zimene akulakalaka. Chilembedwe, chiwerengedwe mokweza pa msonkhano pali mbali zonse zitatu, ndipo pamene wina wanena kuti «ife sitimva choncho», pamenepo paikidwe chizindikiro kuti pakambidwe.

Ndingawonjezerenso mzati umodzi kumapeto kwa mzere uliwonse, wa umboni. Tsiku ndi ola limene munda unawotchedwa analemba ndani? Tikiti ya pa sikelo, imene imaonetsa nthawi imene lole inalowa, mlimi amapatsidwa yake kapena imakhala ku ofesi? Zotsatira za muyezo wa shuga angazione, ndipo ali ndi masiku angati oti adandaule? Mayi wa mahekitala 2 uja, ngakhale ndime yomubwezera ndalama itakhalapo, sangaigwiritse ntchito ngati alibe pepala losonyeza kuti nzimbe zake zinawotchedwa Lolemba n'kukafika pa sikelo Loweruka.